Mmene Mungapezere Kusintha kwa Momentamu Pogwiritsa Ntchito Galafu ya Mphamvu ndi Nthawi

Mpira ukamenya khoma, mphamvu imene khomalo limaukankha nayo sikhala yofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Imayambira pa ziro pamene mpira wangokhudza kumene, imakwera msanga mpirawo ukamaphwatalala, kenako imatsika mpaka kutheratu pamene mpira ukusiyana ndi khoma, ndipo zonsezi zimachitika m'kanthawi kochepa kwambiri moti diso silingazione. Pa chifukwa chimenechi, funso lakuti khoma linakankha mpira ndi mphamvu yochuluka bwanji lilibe yankho limodzi. Funso limene lili ndi yankho limodzi ndi lakuti kukankha konseko, kukaphatikizidwa pamodzi, kunasintha motani kayendedwe ka mpirawo. Yankho lake limapezeka poyeza eliya, ndiko kuti kukula kwa malo a pansi pa galafu ya mphamvu ndi nthawi. Eliya imeneyi ndiyo impalusi, ndipo impalusi imafanana ndendende ndi kusintha kwa momentamu.

Mfundo imene ndikufuna kuti muigwire kuyambira pano ndi yakuti eliya ya pansi pa galafu siikuuzani momentamu imene chinthu chili nayo, siikuuzaninso liwiro limene chikuthamangira. Imangokuuzani kuchuluka kwa momentamu imene yawonjezeka kapena kuchotsedwa. Zolakwa zambiri pa masamu amenewa zimachokera pa kuiwala mfundo imodzi yomweyi.

Chifukwa chake eliya imaimira kusintha kwa momentamu

Momentamu ya chinthu imapezeka pochulukitsa masi ake ndi velositi yake, p = mv, ndipo muyeso wake ndi kg m/s. Velositi ndi liwiro lotchulidwa pamodzi ndi mbali imene chinthu chikulowera, choncho momentamu nayonso ili ndi mbali. Lamulo lachiwiri la Isaac Newton, limene analisindikiza mu 1687, limanena za kusintha kwa kayendedwe ka chinthu molingana ndi mphamvu imene yachikankha, ndipo lero timalilemba motere pamene masi sakusintha:

F = ma = m(v − u)/Δt

Apa F ndi mphamvu, m ndi masi, a ndi kusintha kwa velositi pa sekondi iliyonse, u ndi velositi yoyamba, v ndi velositi yomaliza, ndipo Δt ndi nthawi imene mphamvu yakhala ikugwira ntchito. Tikachulukitsa mbali zonse ziwiri ndi Δt timapeza:

FΔt = mv − mu

Mbali ya kumanzere ndiyo impalusi, imene kawirikawiri imalembedwa ndi chilembo J ndipo muyeso wake ndi N s. Mbali ya kumanja ndi kusintha kwa momentamu, Δp. Popeza 1 N ndi chimodzimodzi ndi 1 kg m/s², ndiye kuti 1 N s ndi chimodzimodzi ndi 1 kg m/s, kotero mukhoza kulemba yankho mu muyeso uliwonse mwa iwiriyi.

Tsopano jambulani galafu imene mphamvu ili pa mzere woimirira ndipo nthawi ili pa mzere wopingasa. Ngati mphamvu siikusintha, galafu ndi mzere wowongoka wopingasa, ndipo pansi pake pali rekitango imene msinkhu wake ndi F, mulifupi mwake ndi Δt. Eliya ya rekitangoyo ndi FΔt, imene ili impalusi yomwe ija. Mphamvu ikamasintha, tidule nthawi m'tizigawo tating'ono kwambiri moti mkati mwa kachigawo kamodzi mphamvu imakhala ngati siikusintha. Kachigawo kalikonse kali ndi karekitango kake kowonda, ndipo kamawonjezera momentamu yofanana ndi eliya ya karekitangoko. Tikaphatikiza timarekitango tonse timapeza eliya yonse ya pansi pa galafu, ndipo tikaphatikiza tizidutswa tonse ta momentamu timapeza kusintha konse. Amene anaphunzira kalikyulasi amalemba zimenezi ngati J = ∫F dt, koma tanthauzo lake ndi lomweli.

Zili ngati mpopi umene ukuthira madzi mu ndowa, nthawi zina mwamphamvu, nthawi zina modontha. Mukadziwa mmene madzi amatulukira mphindi iliyonse, mukhoza kuwerengera madzi amene alowa, koma simungadziwe madzi amene ali mu ndowamo pokhapokha mutadziwa amene analimo kale mpopi usanatsegulidwe.

Zoyenera kuchita musanayambe kuwerengera

Choyamba, werengani mizere iwiri ya galafu mosathamanga. Onetsetsani kuti mzere wopingasa ndi wa nthawi, chifukwa galafu ya mphamvu ndi mtunda imaoneka mofanana kwambiri, koma eliya yake imaimira ntchito imene mphamvu yagwira, yoyezedwa mu majulu, osati impalusi. Kenako onani miyeso. Pa nkhani za kugundana, nthawi imalembedwa kawirikawiri mu mamilisekondi ndipo mphamvu nthawi zina imalembedwa mu makilonyutoni. Sinthani zonse zikhale masekondi ndi manyutoni, ndipo masi akhale mu makilogalamu: 1 ms = 0.001 s, 1 kN = 1000 N, 1 g = 0.001 kg. Ndi bwino kulemba manambala osinthidwawo pa galafu pomwepo kuti musabwererenso ku akale mwangozi.

Chachiwiri, sankhani mbali imene mudzaitcha ya pozitivu, ndipo jambulani kamuvi pa pepala kosonyeza mbaliyo. Galafu payokha imakhala itasankha kale: mphamvu imene yajambulidwa pamwamba pa mzere wa nthawi ikulozera mbali ya pozitivu. Ntchito yanu ndi kufunsa kuti mbali imeneyo ndi iti pa chinthu chenichenicho, kenako kupereka chizindikiro cha + kapena − kwa velositi iliyonse motsatira yankholo. Sitepe imeneyi imatenga kanthawi kochepa, koma ndiyo imene imasiyanitsa yankho lolondola ndi lolakwika.

Chachitatu, dzifunseni kuti mphamvu imene ili pa galafu ikugwira pa chinthu chiti, ndiponso ngati ndi yokhayo imene ikugwira pa chinthucho m'mbali imeneyo. Tidzabwereranso pa funsoli, chifukwa lili ndi msampha wakewake.

Chitsanzo chonse: mpira womenya khoma

Tiyeni titenge mpira wa masi 0.40 kg umene ukuuluka mopingasa pa liwiro la 12 m/s n'kumenya khoma molunjika. Galafu ya mphamvu imene khoma likukankha nayo mpira ili ndi mizere itatu yowongoka. Kuyambira pa 0 ms kufika pa 4 ms mphamvu ikukwera kuchoka pa 0 N kufika pa 1200 N. Kuyambira pa 4 ms kufika pa 6 ms yakhazikika pa 1200 N. Kuyambira pa 6 ms kufika pa 12 ms ikutsika mpaka pa 0 N. Tikufuna kudziwa velositi imene mpira wachokera nayo pa khoma.

Khoma limakankha mpira kuutalikitsa kwa ilo, ndipo mphamvu imeneyi yajambulidwa pamwamba pa mzere wa nthawi, choncho mbali ya pozitivu ndi yochoka ku khoma. Mpira unali kupita ku khoma, ndiye kuti velositi yake yoyamba ndi u = −12 m/s. Momentamu yoyamba ndi mu = 0.40 × (−12) = −4.8 kg m/s.

Tsopano dulani eliya m'zigawo zimene mukudziwa kuziwerengera. Chigawo choyamba ndi thirayango ya tsinde 0.004 s ndi msinkhu 1200 N:

½ × 0.004 × 1200 = 2.4 N s

Chigawo chachiwiri ndi rekitango ya mulifupi 0.002 s:

0.002 × 1200 = 2.4 N s

Chigawo chachitatu ndi thirayango ina, ndipo apa samalani ndi tsinde lake. Tsinde si 12 ms, imene ndi nambala yolembedwa pamene mzere wathera, koma ndi kusiyana kwa 12 ms ndi 6 ms, kumene ndi 0.006 s:

½ × 0.006 × 1200 = 3.6 N s

Impalusi yonse ndi J = 2.4 + 2.4 + 3.6 = 8.4 N s. Mukhoza kutsimikizira poona chithunzi chonse ngati thirapeziyamu imodzi imene mbali zake zoyenderana ndi 0.012 s pansi ndi 0.002 s pamwamba: ½ × (0.012 + 0.002) × 1200 = 8.4 N s. Njira ziwiri zikapereka nambala imodzi, mukhoza kupitirira ndi mtima wokhazikika.

Apa ndi pamene tiyenera kukumbukira kuti 8.4 ndi kusintha chabe. Momentamu yomaliza ndi yoyamba kuphatikizapo impalusi:

mv = mu + J = −4.8 + 8.4 = +3.6 kg m/s

v = 3.6 ÷ 0.40 = +9 m/s

Chizindikiro cha + chikutiuza kuti mpira wabwerera, ukuchoka ku khoma pa liwiro la 9 m/s. Onani kuti liwiro latsika ndi 3 m/s yokha, kuchoka pa 12 kufika pa 9, koma velositi yasintha ndi 21 m/s, kuchoka pa −12 kufika pa +9. Khoma linayenera kuyamba lathetsa momentamu yonse imene mpira unabwera nayo, kenako n'kuupatsa momentamu ina yolowera mbali yosiyana, ndipo eliya imaphatikiza ntchito ziwiri zonsezi.

Galafu imeneyi ikhoza kutiuza zambiri kuposa yankho lomaliza ngati titsatira momentamu pang'onopang'ono. Pa 4 ms eliya imene yasonkhana ndi 2.4 N s, choncho momentamu ndi −4.8 + 2.4 = −2.4 kg m/s, kutanthauza kuti mpira ukulowabe m'khoma pa 6 m/s ngakhale kuti mphamvu yafika kale pachimake. Pa 6 ms eliya yakwana 4.8 N s ndipo momentamu ndi ziro. Panthawi imeneyi mpira waima kwa kamphindi, waphwatalala kufika pamapeto, pamene khoma likuukankhabe ndi 1200 N yonse. Ambiri amaganiza kuti chinthu chikaima ndiye kuti mphamvu yatha, koma galafu ikuonetsa kuti si choncho. Thirayango yomaliza, ya 3.6 N s, ndiyo imene ikubweza mpira, ndipo m'chigawo chimenechi mphamvu ikuchepa koma liwiro likukwera. Liwiro lalikulu la pobwerera limafika pa 12 ms, pamene mphamvu yafika pa ziro, chifukwa malinga ngati galafu ili pamwamba pa mzere wa nthawi eliya imapitirira kuwonjezeka, ngakhale pang'onopang'ono. Kwa ine, kuyenda ndi galafu motere ndi njira yabwino koposa yoonera ngati munthu wamvetsa nkhaniyi kapena wangoloweza fomula.

Ngati mwafunsidwa mphamvu yapakatikati, gawani eliya ndi nthawi yonse: 8.4 ÷ 0.012 = 700 N. Imeneyi ndi mphamvu yosasintha imene ikanabweretsa kusintha komweku m'nthawi yomweyo, ndipo pa galafu ndi msinkhu wa rekitango imene eliya yake ikufanana ndi ya thirapeziyamu ija. Musaipeze pongotenga theka la mphamvu ya pachimake. Theka limeneli, 600 N, likanakhala lolondola galafu ikanakhala thirayango imodzi yokha.

Mmene mungazindikirire kuti mwalakwitsa

Cholakwa chilichonse pa chitsanzo chathu chimasiya chizindikiro chake, ndipo ndi bwino kuzidziwa zizindikirozo. Mukaiwala kuika − pa velositi yoyamba mudzapeza 4.8 + 8.4 = 13.2 kg m/s, ndipo v idzakhala 33 m/s. Khoma losayenda silingabweze mpira pa liwiro loposa limene unabwera nalo, choncho nambala iliyonse yoposa 12 m/s iyenera kukuimitsani. Mukachulukitsa mphamvu ya pachimake ndi nthawi yonse mudzapeza 1200 × 0.012 = 14.4 N s ndi v = 24 m/s, imenenso ndi yosatheka pa chifukwa chomwecho. Mukaiwala kusintha mamilisekondi mudzapeza 8400 N s, imene ingatanthauze kuti velositi ya mpira yasintha ndi 21,000 m/s. Ndipo mukatenga eliya ngati momentamu yomaliza mudzapeza 21 m/s, yankho limene likanakhala lolondola mpira ukanakhala kuti unayambira pa malo osayenda, monga mpira woikidwa pansi umene wamenyedwa ndi phazi.

Njira yodalirika yofufuzira yankho pa kugundana ndi kuyerekeza eneji ya kuyenda, ½mv², poyamba ndi pomaliza. Mpira unabwera ndi ½ × 0.40 × 12² = 28.8 J ndipo wachoka ndi ½ × 0.40 × 9² = 16.2 J. Yatayika ndi 12.6 J, imene yasanduka kutentha, phokoso ndi kunjenjemera kwa mpira ndi khoma. Kutayika kotere ndi kwachibadwa. Chimene sichingatheke ndi kuwonjezeka kwa eneji popanda kumene yachokera.

Galafu ikadutsa pansi pa mzere wa nthawi

Mphamvu ikasintha mbali, galafu imalowa pansi pa mzere wa nthawi, ndipo eliya ya kumeneko imawerengedwa ngati ya negetivu. Tiyerekeze kangolo ka masi 2 kg kamene kayambira pa malo osayenda, kakukankhidwa ndi +6 N kwa masekondi 3, kenako ndi −4 N kwa masekondi 2. Eliya ya pamwamba ndi +18 N s, ya pansi ndi −8 N s, ndipo impalusi yonse ndi +10 N s, imene ikupereka velositi yomaliza ya +5 m/s. Kangoloko kanathamanga kwambiri pa sekondi yachitatu, pamene galafu inadumpha mzere wa nthawi, ndipo velositi yake inali 18 ÷ 2 = 9 m/s. Mphamvu ya negetivu siinakabweze m'mbuyo, inangokachepetsa liwiro. Kakanayamba kubwerera pokhapokha eliya ya pansi ikanapitirira 18 N s, kutanthauza kuti mphamvu ya −4 N ikanagwira kupitirira masekondi 4.5.

Galafu yokhota

Magalafu ochokera ku zipangizo zoyezera mphamvu sakhala ndi mizere yowongoka ngati ya chitsanzo chathu. Amakhala okhota ngati kaphiri, ndipo eliya yake imayerekezedwa.

Njira yoyamba ndi kuwerenga timabokosi ta pa pepala la galafu. Yambani mwapeza impalusi imene kabokosi kamodzi kakuimira, pochulukitsa msinkhu wake mu manyutoni ndi mulifupi mwake mu masekondi. Ngati kabokosi kamodzi ndi 200 N m'mwamba ndi 1 ms chopingasa, kakuimira 200 × 0.001 = 0.2 N s. Werengani timabokosi tathunthu, mukuika kadontho mu kalikonse kuti musakawerenge kawiri. Pa timabokosi todulidwa ndi mzere wa galafu, werengani ngati kathunthu kalikonse kamene kadzaza theka kapena kupitirira, ndipo siyani kamene kasakwana theka, chifukwa zowonjezera ndi zoperewera zimathetsana kwakukulu. Mukapeza timabokosi 35, impalusi ndi pafupifupi 35 × 0.2 = 7.0 N s. Musayeze eliya ndi lula mu masentimita, chifukwa kukula kwa chithunzi pa pepala kulibe tanthauzo popanda miyeso ya pa mizere iwiri ija.

Njira yachiwiri ndi kudula galafu m'timizere tofanana mulifupi ndi kutenga kalikonse ngati thirapeziyamu. Tinene kuti mwawerenga mphamvu pa 2 ms iliyonse ndipo mwapeza 0, 500, 900, 1000, 700, 300 ndi 0 N. Lamulo lake ndi lakuti mutenge theka la nambala yoyamba ndi theka la yomaliza, muphatikizepo manambala onse a pakati, kenako muchulukitse ndi mulifupi mwa kamzere kamodzi. Apa yoyamba ndi yomaliza ndi ziro, a pakati akukwana 3400 N, choncho J ≈ 3400 × 0.002 = 6.8 N s. Dziwani kuti pamene galafu yakhota ngati nsonga ya phiri, mizere yowongoka yolumikiza timadontho imadutsa pansi pa mzere weniweni, kotero yankho limachepa pang'ono poyerekeza ndi loona. Timizere tikachepa mulifupi, kuperewera kumeneku kumachepanso. Vuto lomweli limapezeka pa chipangizo choyezera chimene chimawerenga mochedwa: ngati kugundana kwatenga 12 ms ndipo chipangizo chikuwerenga kamodzi pa 10 ms iliyonse, chikhoza kuphonya chimake chonse, ndipo eliya imene mungapeze singadalirike ngakhale masamu anu atakhala olondola. Yankho loyerekeza lilembedwe ndi manambala awiri okha odalirika, monga 6.8, osati 6.800.

Mphamvu imene ili pa galafu si nthawi zonse imene ikusintha momentamu

Tsopano tibwerere ku funso lachitatu lija. Kufanana kwa impalusi ndi kusintha kwa momentamu kumagwira ntchito pa mphamvu yotsala, ndiko kuti imene imapezeka mphamvu zonse zogwira pa chinthu zikaphatikizidwa ndi zizindikiro zake. Chipangizo choyezera chimayeza mphamvu imodzi yokha, imene ikudutsa mwa icho. Pa mpira wathu vuto silinaoneke chifukwa umayenda mopingasa, pamene kulemera kwake kumakokera pansi. Ngakhale mpirawo ukanagwa kuchokera kumwamba n'kumenya pansi, kulemera kwake, kumene ndi masi kuchulukitsa ndi g = 9.8 m/s², kuwonjezeka kwa liwiro la chinthu chogwa pa sekondi iliyonse, kukanakhala 0.40 × 9.8 = 3.9 N, ndipo impalusi ya kulemerako mu 0.012 s ikanakhala pafupifupi 0.047 N s, yosakwana gawo limodzi mwa magawo 100 a 8.4 N s. Pa kugundana kwachangu ndi kwamphamvu chotere, kulemera kukhoza kusiyidwa popanda kuwononga yankho.

Zinthu zimasintha kwambiri kukankha kukatenga nthawi yaitali. Taganizirani munthu wa masi 60 kg amene wanjuta osagwedezeka pa chipangizo choyezera mphamvu ya mapazi, kenako n'kudumphira m'mwamba. Tinene kuti kuyambira pamene wayamba kudzikankha kufika pamene mapazi achoka papita 0.50 s, ndipo eliya ya pansi pa galafu m'nthawi imeneyi ndi 450 N s. Mukagawa 450 ndi 60 mudzapeza 7.5 m/s, liwiro limene lingamukweze munthuyo pafupifupi mamita 2.9, zimene sizingatheke kwa munthu wodumpha ali chiimire. Cholakwika n'chakuti nthawi yonseyi dziko limamukokera pansi ndi 60 × 9.8 = 588 N, ndipo impalusi ya kulemerako ndi −588 × 0.50 = −294 N s. Impalusi yotsala ndi 450 − 294 = 156 N s, velositi yonyamukira ndi 156 ÷ 60 = 2.6 m/s, ndipo msinkhu umene thupi lingakwere ndi v²/2g, pafupifupi 0.34 m, nambala imene ikugwirizana ndi zimene munthu angathe.

Pa galafu yotere, chitani izi: jambulani mzere wopingasa pa 588 N, ndipo muyeze eliya kuchokera pa mzere umenewu m'malo mwa mzere wa nthawi. Eliya ya pamwamba pake ndi ya pozitivu ndipo ya pansi pake ndi ya negetivu. Chizindikiro chokudziwitsani kuti muyenera kutero n'chosavuta kuona: ngati galafu ikuonetsa mphamvu yosakhala ziro pamene chinthu chili chikhalire, ndiye kuti pali mphamvu ina imene ikuithetsa, ndipo galafuyo si ya mphamvu yotsala. Mfundo yomweyi imagwira pa bokosi limene likukokedwa pa malo okhakhala, pamene mphamvu ya kukhulana iyenera kuchotsedwa pa mphamvu ya chingwe musanawerengere kusintha kwa momentamu.

Eliya imodzi, maonekedwe osiyana

Mukadziwa velositi yoyamba ndi yomaliza, eliya imakhala itatsimikizika kale, ndipo chimene chatsala kusintha ndi maonekedwe a galafu. Mpira wathu uja utaimitsidwa kotheratu, uyenera kulandira 4.8 N s, kaya wamenya chinthu cholimba kapena chofewa. Ukaima mu 0.006 s mphamvu yapakatikati ndi 800 N, koma ukaima mu 0.060 s, monga mmene ungachitire utagwera mu ukonde, mphamvu yapakatikati ndi 80 N yokha. Galafu yoyamba ndi yaitali ndi yowonda, yachiwiri ndi yaifupi ndi yotambalala, koma eliya zake n'zofanana. Pachifukwa chimenechi, pofotokoza ntchito ya lamba wa pa mpando wa galimoto, thumba la mpweya, chipewa choteteza mutu kapena kupinda maondo potera, musanene kuti zinthu zimenezi zimachepetsa impalusi. Munthu amene anali pa liwiro linalake n'kuima amataya momentamu yomweyo mulimonse. Zimene zinthuzi zimachita ndi kutalikitsa nthawi yoimira kuti mphamvu yapakatikati ndi ya pachimake zitsike.

Pomaliza, ngati zinthu ziwiri zagundana ndipo mwapatsidwa galafu ya chimodzi chokha, simufunika galafu yachiwiri. Lamulo lachitatu la Newton limanena kuti pa kamphindi kalikonse mphamvu imene chinthu choyamba chikukankha nayo chachiwiri imafanana kukula ndi imene chachiwiri chikukankha nayo choyamba, koma imalozera mbali yosiyana, ndipo zonse ziwiri zimayamba ndi kutha nthawi imodzi. Galafu ya chinthu chachiwiri ndi yomweyo yotembenuzidwira pansi pa mzere wa nthawi. Mpira uja ukanamenya kangolo ka masi 6.0 kg koima pa mawilo oyenda mosavuta, galafu n'kukhala yomweyo, mpira ukanalandira +8.4 N s ndipo kangolo kakanalandira −8.4 N s, n'kuyamba kuyenda pa −8.4 ÷ 6.0 = −1.4 m/s, kulowera mbali imene mpira unkapita poyamba. Momentamu ya zinthu ziwirizi pamodzi inali −4.8 kg m/s zisanagundane, ndipo zitagundana ndi +3.6 − 8.4 = −4.8 kg m/s. Eneji ya kuyenda ya kangolo ndi ½ × 6.0 × 1.4², pafupifupi 5.9 J, ndipo ikaphatikizidwa ndi 16.2 J ya mpira ikukwana 22.1 J, imene ili pansi pa 28.8 J imene mpira unabwera nayo.